Kodi chabwino n'chabwino chifukwa Mulungu walamula, kapena walamula chifukwa n'chabwino?

"Aphunzitsi, ndili chaka chachiwiri cha maphunziro a za makhalidwe, ndipo tapatsidwa ntchito yolemba za funso la Yutifro. Ndikanena kuti chabwino ndi chimene Mulungu walamula, anzanga akuti ndiye kuti akanalamula nkhanza, nkhanzayo ikanakhala yabwino. Ndikanena kuti amalamula chifukwa n'chabwino kale, akuti ndaika chinthu china pamwamba pa Mulungu. Kodi lamulo lachibadwa limathetsa vutoli? Ine ndine wopemphera, ndipo nkhaniyi yayamba kundisowetsa mtendere."

Mtima ukhale m'malo. Anthu amene analimbana kwambiri ndi funsoli m'mbiri anali okhulupirira Mulungu, Akhristu, Asilamu ndi Ayuda, ndipo ambiri mwa iwo anakhalabe opemphera mpaka imfa yawo ngakhale kuti sanagwirizane pa yankho. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa phunziroli ndaona kuti wophunzira amene funsoli lamuvutitsa ndi amene amalemba bwino, chifukwa amakhala kuti walimva kumene likuluma.

Tiyambire kumene funsoli linachokera, popeza ambiri amalitenga lokha n'kusiya nkhani imene linabadwiramo. Pulato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Girisi, analemba kukambirana kumene kukuchitika mumzinda wa Atene m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, pamene Sokratesi anali kuyembekezera mlandu wake wonyoza milungu. Pakhomo pa bwalo la mkulu woona za milandu ya chipembedzo, iye akukumana ndi Yutifro, amene wabwera kudzasumira bambo ake omubereka. Kumunda kwawo pachilumba cha Nakisosi, waganyu wina ataledzera anapha kapolo wa pabanjapo. Bambo a Yutifro anamumanga manja ndi miyendo, namuponya m'dzenje, n'kutuma munthu ku Atene kukafunsa wodziwa malamulo a chipembedzo chimene ayenera kuchita naye. Mthengayo asanabwerere, waganyuyo anafa ndi njala, kuzizira ndi zingwe zimene anamumanga nazo. Abale a Yutifro akunena kuti mwana kusumira atate ake ndi mwano pamaso pa milungu, koma iye akuti mwano weniweni ndi kusiya mlandu wa magazi osauzenga, ndipo akudzitama kuti amadziwa bwino zimene milungu imafuna.

Sokratesi akumupempha kuti afotokoze chimene kuyera mtima kuli, ndipo Yutifro akuyankha kuti choyera ndi chimene milungu imakonda. Sokratesi akumukumbutsa kuti milungu ya Agiriki imakangana yokhayokha, kotero chinthu chimodzi chingakondedwe ndi mulungu wina n'kudedwa ndi wina. Yutifro akukonza yankho lake, akuti choyera ndi chimene milungu yonse imakonda. Apa m'pamene funso lenileni likubwera: kodi milungu imakonda choyera chifukwa n'choyera, kapena n'choyera chifukwa milungu imachikonda? Onetsetsani dongosolo limeneli, chifukwa ophunzira ambiri amalemba kuti funsoli limakhudza okhulupirira milungu yambiri okha. Likufunsidwa vuto la kukangana kwa milungu litachotsedwa kale, pamene kumwamba kuli mawu amodzi, ndipo n'chifukwa chake limamugwiranso munthu wokhulupirira Mulungu mmodzi.

Chimene Sokratesi akufuna kusiyanitsa ndi chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira. Katundu amatchedwa wonyamulidwa chifukwa pali wina amene wamunyamula, ndipo palibe amanyamula katundu pa chifukwa chakuti ndi wonyamulidwa. Kukondedwa kulinso chimodzimodzi: ndi chinthu chimene chimagwera chinthu china kuchokera kunja. Yutifro atavomera kuti milungu imakonda choyera chifukwa n'choyera, wavomera kuti kuyerako kunalipo chikondi chisanabwere, choncho yankho lake langotiuza chimene chimachitikira choyera, osati chimene choyeracho chili.

Funsoli lili ngati mphanda ya nthambi ziwiri, ndipo nthambi yoyamba ndi imene imatchedwa chiphunzitso cha lamulo la Mulungu. Ikuti chinthu n'choyenera chifukwa Mulungu walamula, n'choipa chifukwa waletsa, ndipo palibe chifukwa china chakuya kuposa chimenecho. Musaipeputse nthambiyi m'kulemba kwanu, chifukwa amene anaigwira anali ndi chowadetsa nkhawa chenicheni. Ngati Mulungu ndiye analenga zonse, sipangakhale lamulo limene analipeza lilipo kale n'kumaligonjera. William wa ku Ockham, wansembe wa chipani cha Fransisko wa m'zaka za m'ma 1300, anafika ponena kuti kuba ndi chigololo zikanakhala zoyenera Mulungu akanazilamula, ngakhale kuti pamenepo sizikanatchedwanso ndi maina amenewo. M'Chisilamu mkangano womwewu unali pakati pa a Mutazila, amene ankati nzeru za munthu zingathe kuzindikira chabwino ndi choipa chivumbulutso chisanafike, ndi otsatira a Al-Ashari, amene ankati chabwino ndi choipa zimakhazikitsidwa ndi lamulo la Mulungu.

Chotsutsa chimene anzanu akukuuzani, chakuti nkhanza zikanatha kukhala zabwino, n'choona, koma chilipo china chimene ndimachiona champhamvu kuposa chimenecho, ndipo chimachokera m'kati mwa chipembedzo momwe. Leibniz, m'chaka cha 1686, anafunsa kuti tingamutamande bwanji Mulungu pa zimene wachita ngati akanayeneranso kutamandidwa chimodzimodzi atachita zosemphana nazo. Ganizirani mawu akuti Mulungu ndi wabwino, amene mumawaimba m'tchalitchi. Ngati "wabwino" amangotanthauza "wogwirizana ndi chifuniro cha Mulungu", ndiye kuti mawuwo akungonena kuti Mulungu amafuna zimene amafuna, ndipo chitamando chatha mphamvu. Komanso munthu akayankha kuti Mulungu sangalamule nkhanza, tiyenera kumufunsa chimene chikumuletsa. Akati n'chifukwa nkhanza n'zoipa, wachoka pa nthambi yoyamba wadumphira osadziwa pa yachiwiri, yakuti Mulungu amalamula chinthu chifukwa n'chabwino kale. Cholakwa chimenechi ndimachipeza pafupifupi m'mulu uliwonse wa mapepala amene ndimachonga.

Tibwere kwa Tomasi wa ku Akwino, amene anamwalira m'chaka cha 1274, chifukwa ndiye mwini wake wa lamulo lachibadwa monga limaphunzitsidwira lero. Anthu ambiri amamuika pa nthambi yachiwiri mosavuta, ngati kuti iye ananena kuti pali malamulo amene ali kunja kwa Mulungu. Sananene zimenezo. M'buku lake la Summa Theologiae, gawo loyamba la gawo lachiwiri, kuyambira funso 90 mpaka 94, akunena kuti lamulo ndi dongosolo la nzeru lolinga ku ubwino wa onse, loikidwa ndi amene amasamalira gulu, ndipo lolengezedwa. Mawu ofunika apa ndi nzeru. Kwa iye gwero la malamulo onse ndi lamulo losatha, limene ndi nzeru za Mulungu zoyendetsera chilengedwe chonse, ndipo lamulo lachibadwa ndi gawo limene cholengedwa choganiza chimakhala nalo m'lamulo losathalo. Choncho muyeso wa ubwino uli mwa Mulungu mwini, koma uli m'nzeru zake, ndipo chifuniro chake chimatsata nzeruzo.

Mmene zimagwirira ntchito ndi motere. Mfundo yoyamba ya nzeru zochitira zinthu ndi yakuti chabwino chiyenera kuchitidwa ndi kufunidwa, ndipo choipa chiyenera kupewedwa. Kuti tidziwe chabwino cha munthu, Tomasi akuti tiyang'ane kumene chibadwa cha munthu chimalozera: kusunga moyo, monga zinthu zonse zimachitira, kubereka ndi kulera ana, monga nyama zimachitira, ndiponso kudziwa choona cha Mulungu ndi kukhala pamodzi ndi anthu ena, zimene ndi za munthu yekha. Mulungu anali womasuka kulenga munthu kapena kusamulenga, koma atamulenga wotere, wofuna chakudya, wodalira anzake ndiponso wotha kunyengedwa, sakanatha kupangitsa kuti kumuzunza kapena kumunamiza kukhale kwabwino kwa iye, monga mmene mlimi amene wasankha kudzala chimanga sangalamule kuti chilala chichikomere. Ufulu wa Mulungu uli pa kusankha cholenga, ndipo zoyenera cholengedwacho zimatsatira mmene chilili.

Tibwerere kwa waganyu uja ali m'dzenje ku Nakisosi kuti muone kusiyana kwake. Bambo a Yutifro anachita ndendende zimene munthu wa nthambi yoyamba angachite: anatuma mthenga kukafunsa chimene milungu ikufuna, n'kukhala pansi kudikira yankho. Tomasi akanawauza kuti panali zina zofunikadi kufunsa, monga mwambo woyeretsera pakhomo pokhetsedwa magazi, koma kuti munthu womangidwa afunika madzi, chakudya ndi chofunda sizinafunike mthenga, popeza aliyense woganiza akanadziwa. Iyi ndi mphamvu yaikulu ya lamulo lachibadwa: limafotokoza chifukwa chake anthu amene sanamvepo malemba amadziwa kuti kupha ndi kuba n'koipa, mfundo imene Paulo akuinenanso pa Aroma 2:14-15 pokamba za anthu a mitundu ina amene ntchito ya lamulo inalembedwa m'mitima mwawo. Makolo athu ankadzudzula munthu wopanda umunthu amishoni asanafike, ndipo chiphunzitso chilichonse cha makhalidwe chiyenera kufotokoza mmene anadziwira.

Koma lamulo lachibadwa lili ndi mabala ake, ndipo pepala labwino liyenera kuwaonetsa. Loyamba ndi limene David Hume analiona, lakuti kufotokoza mmene zinthu zilili sikutulutsa pakokha mawu akuti "uyenera". Munthu alinso ndi chibadwa cha nsanje ndi kubwezera, ndipo kuti tisankhe zibadwa zoyenera kutsata timaoneka ngati tikufunika muyeso wina umene tinali nawo kale. Otsatira Tomasi amayankha kuti iye sakuwerenga zilakolako zonse zimene zimapezeka mwa anthu, koma zimene nzeru zimazizindikira kuti zimamukwaniritsa munthu, ndipo yankholi lili ndi mphamvu ngakhale kuti silitseka mkangano. Bala lachiwiri linaonekera mu 1625, pamene Hugo Grotius analemba kuti lamuloli likanakhalabe ndi mphamvu ina ngakhale titavomera, chimene iye anati n'choipa kwambiri kuvomera, kuti kulibe Mulungu. Ngati chibadwa cha munthu chikukwanira kutiuza zonse, wina angafunse ntchito imene Mulungu watsala nayo pa nkhani ya makhalidwe.

Apa ndikupatseni mfundo imene ndikufuna mutenge koposa zonse, chifukwa ndi imene imamasula chingwe chimene chakumangani. M'funso lanu mwagwiritsa ntchito liwu limodzi, "chabwino", pa zinthu ziwiri zosiyana. China ndi ubwino, monga chifundo, kukhulupirika ndi moyo wathanzi. China ndi udindo, chimene uyenera kuchita ndipo ukapanda kuchita uli ndi mlandu kwa wina wake. Sizili chimodzi ayi. Kupereka nyumba yako kwa osauka n'kwabwino, koma amene sanatero sitimuimba mlandu. Mayi akauza mwana kuti asese pabwalo asanapite kusukulu, kusesa kunali kwabwino kale, koma kwasanduka udindo wa mwanayo m'mawa umenewo chifukwa mayi alamula. Ndipo mayiyo sanalamule mwachisawawa, popeza anali ndi chifukwa, ngakhale kuti akanatha kumutuma kukatunga madzi m'malo mwake. Tomasi yemwe amavomereza zotere pa malamulo a anthu. Chitsanzo cha masiku ano ndi ichi: nzeru zimatiuza kuti tisaphane pamsewu, koma kuti galimoto ziyende kumanzere monga ku Malawi kapena kumanja monga ku Amereka ndi boma limene limasankha, ndipo likasankha udindo umakhala weniweni.

Robert Adams, kuyambira mu 1973 ndipo mokwanira m'buku lake la mu 1999, anamanga chiphunzitso cha lamulo la Mulungu chatsopano pa kusiyanitsa kumeneku. Iye akuti ubwino suchokera ku chifuniro cha Mulungu koma ku khalidwe lake, kotero chinthu n'chabwino pamene chikufanana ndi Mulungu m'njira ina yake. Udindo wokha ndi umene umachokera ku malamulo ake, ndipo osati a mulungu wina aliyense wamphamvu, koma a Mulungu wachikondi. Mwa njira imeneyi chitamando chija chimabwerera mphamvu, chifukwa kunena kuti Mulungu ndi wabwino ndi kunena kuti ndi wachifundo, wolungama ndi wokhulupirika, ndipo nkhanza sizingalamulidwe chifukwa zikutsutsana ndi amene akulamulayo. Mukaika Adams ndi Tomasi pamodzi muona kuti ayandikana kwambiri kuposa mmene mabuku oyambira amasonyezera. Onse awiri akukana kuti ubwino uli kunja kwa Mulungu, ndipo onse akukana kuti ubwino ndi chifuniro chopanda chifukwa. Akusiyana pa udindo, ngati umafuna mawu olamula kapena nzeru za munthu zikwanira kuubala.

Musathamangire kulemba kuti vuto latha, chifukwa wochonga wakhama adzakufunsani funso la Sokratesi kachiwiri, pa khalidwe la Mulungu tsopano: kodi chifundo n'chabwino chifukwa Mulungu ali nacho, kapena Mulungu ndi wabwino chifukwa ali ndi chifundo? William Alston anayankha ndi chitsanzo cha ndodo yachitsulo yosungidwa ku France, imene mpaka 1960 inali muyeso wa mita. Chinthu chinali chotalika mita imodzi ngati chikulingana ndi ndodoyo, ndipo panalibe muyeso wina woyezera ndodoyo. Alston akuti Mulungu ndi muyeso wa ubwino mwa njira yotere, ndipo kufotokoza kulikonse kuyenera kuima penapake. Ndikuvomereza kuti kufotokoza kuyenera kuima, ndipo amene amaima pa mfundo zopanda mwini nayenso ayenera kunena chifukwa chake waima pamenepo. Komabe chitsanzocho chili ndi pofooka pamene muyenera kupatchula: anthu akanatha kusankha ndodo yotalikirapo popanda kulakwa kulikonse, pamene ife sitikhulupirira kuti chidani chikanatha kulowa m'malo mwa chikondi monga muyeso. Maganizo anga ndi akuti yankho la khalidwe la Mulungu limathyola mphanda ija monga anzanu anaiikira, koma limasiya funso lina lakuya lotseguka, ndipo kunena zimenezi poyera m'pepala lanu ndi chizindikiro cha kumvetsa.

Poyesera chiphunzitso chilichonse mwa izi ndi nkhani ya Abrahamu pa Genesis 22, pamene akuuzidwa kuti akapereke Isaki nsembe kudziko la Moriya. Kwa munthu wa nthambi yoyamba yosasakaniza palibe chovuta, chifukwa lamulo litaperekedwa kuphako kunakhala koyenera. Tomasi, pa funso 94, mutu 5, ndi pa funso 100, mutu 8, akuyankha kuti Mulungu ndiye mwini moyo ndi imfa, kotero amene wachotsa moyo molamulidwa ndi iye sanachite chosalungama, ndipo lamulo loletsa kupha silinasinthe popeza limaletsa kupha kosayenera. Ndimauza ophunzira anga kuti awerenge ndime zimenezi mofatsa, chifukwa apa Tomasi wayandikira kwa Ockham kuposa pena paliponse, ndipo ndi chilungamo kufunsa ngati lamulo lachibadwa likutetezabe Isaki pamene mwini moyo walankhula. Kant, mu 1798, anatenga njira ina. Iye anati Abrahamu anayenera kuyankha liwulo kuti kusapha mwana wake wosalakwa n'kotsimikizika, pamene kuti wolankhulayo ndi Mulungu n'kosatsimikizika ndipo sikungatsimikizike ngakhale liwulo litamveka kuchokera kumwamba. Kierkegaard, mu 1843, anaona kuti nkhaniyi ikutayika ikafewetsedwa, ndipo anati Abrahamu anachoka pa malamulo a onse n'kuima yekha pamaso pa Mulungu, osatha kudzifotokoza kwa munthu aliyense. Muikenso pambali pake Genesis 18:25, pamene Abrahamu yemweyo akupembedzera Sodomu ndi kufunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sadzachita chilungamo. Funso limenelo lilibe tanthauzo ngati chilungamo ndi chilichonse chimene Woweruzayo angachite.

Mfundo ya Kant ikutsegula kusiyanitsa kwina kumene kuli ndi ntchito kunja kwa kalasi. Funso lakuti chimene chimapangitsa chinthu kukhala choyenera n'chiyani ndi losiyana ndi funso lakuti ndingadziwe bwanji kuti Mulungu walamula. Munthu angakhulupirire ndi mtima wonse kuti udindo umachokera ku malamulo a Mulungu, n'kumagwiritsabe ntchito chikumbumtima chake poyesa amene akuti alankhula m'dzina la Mulungu, ndipo Adams yemwe amaganiza motero. Wina akauza wodwala kuti Mulungu wati asiye mankhwala, kapena akaloza gogo wina kuti ndi mfiti yoyenera kupirikitsidwa, kuipa kwa chimene akulamulacho ndi umboni wakuti lamulolo silinachokere kwa Mulungu wachikondi. Zoterezi mukakumana nazo m'moyo weniweni, pamene thanzi kapena moyo wa munthu uli pangozi, musazitenge ngati funso la m'kalasi. Dziwitsani achipatala, apolisi kapena akuluakulu odalirika msanga.

Pa ntchito yanu yolemba, werengani kukambirana kwa Pulato konse, chifukwa n'kwakufupi ndipo mungakumalize madzulo amodzi, kenako funso 91 ndi 94 a Tomasi. M'ndime yoyamba nenani ngati mukukamba za ubwino kapena za udindo, ndipo liwu limene mwasankha mulisunge mpaka kumapeto. Sankhani mbali imodzi, mupereke chotsutsa champhamvu kwambiri chimene mbaliyo imakumana nacho m'mawu amene wotsutsayo angawavomere, kenako muiyese pa nkhani imodzi yokha, ya Isaki kapena ya waganyu wa ku Nakisosi. Mavesi angasonyeze chimene chipembedzo chimaphunzitsa, koma m'pepala la phunziroli sangalowe m'malo mwa chifukwa, popeza funso likukhudza maziko a ulamuliro wa mavesiwo. Ngati kusiyana kwa ubwino ndi udindo sikunakhazikikebe m'mutu mwanu, pitani kwa mphunzitsi wanu ndi ndime imodzi yolembedwa kale kuti aone pamene mukuterereka. Ndipo ngati kusowa mtendere kuja kukupitirira mpaka kukulepheretsani kupemphera kapena kugona, kambiranani ndi abusa, ansembe kapena shehe amene anaphunzira zaumulungu mozama, ndipo mupite ndi Genesis 18 ndi 22 kuti mukawerengere limodzi.